Mavidiyo anga a makeke anthu akungowadutsa, ndiziyamba bwanji?

*Ndimaphika makeke pa mbaula kuno ku Zomba, ndipo ndinayamba kuika mavidiyo pa TikTok ndi pa Facebook kuti ndizipeza maoda komanso kuphunzitsako amayi anzanga. Vidiyo yanga yomaliza ndi ya masekondi 42, yophunzitsa kuphika keke yosapserera pansi. Ndimayamba ndi moni, kutchula dzina langa, kenako kuonetsa fulawa, mazira ndi majarini patebulo. Koma TikTok ikundiuza kuti anthu ambiri anasiya kuonera pa 0:02. Mwana wanga akuti ndizikopa anthu m'masekondi atatu oyamba. Ndichite chiyani kwenikweni, poti ine zokuwa ndi zovina sindingathe?*

Mayi, zokuwa ndi zovina musadandaule nazo, sizikufunika. Chokopa anthu muli nacho kale m'foni mwanumo, kungoti chakhala pamalo olakwika. Ndikukhulupirira kuti chakumapeto kwa vidiyoyo pali pamene mukutulutsa keke m'chitini, n'kuitembenuza kuti pansi pake paoneke. Kachigawo kameneko kayenera kuoneka m'masekondi atatu oyamba, inu musanapereke n'komwe moni.

Ganizirani kaye za munthu amene vidiyo yanu imamufikira. Iyeyu sanakufuneni, dzina lanu salidziwa, ndipo sanasankhe kuti aonere za keke. Anali kuonera zina, wakankha chala, inu mwangotulukira pa sikirini yake vidiyo ikuyenda kale. Chala chija sanachichotse, chikudikira kukankhanso, komanso bandulo ikutha. Funso limene lili m'mutu mwake ndi limodzi lokha: apa pali chiyani, ndipo chikundikhudza? Akaona nkhope yachilendo ikunena kuti "Muli bwanji nonse, takulandiraninso, dzina langa ndine…", funsolo silinayankhidwe, ndiye amapitirira. Tengani wotchi muyese kunena moni wanu wonse mmene mumanenera. Mupeza kuti wadya masekondi asanu kapena kuposa, pamene ambiri akuchoka pa sekondi yachiwiri. Nkhani ya keke sanaimve n'komwe, choncho musaganize kuti akana maphunziro anu.

Ndikudziwa kuti kuyamba kulankhula osapereka moni kumatiwawa, tinaleredwa kuti kutero ndi mwano. Koma taonani amayi ogulitsa pa Lizulu minibasi ikaima: sayamba ndi kufunsa za kunyumba, amakweza beseni la tomato pazenera kuti maso anu aone kaye, moni ndi kutsatsana mtengo zimabwera mukasonyeza chidwi. Palibe amene amawatcha amwano. Moni wanu musautaye, muusunthe, ndipo ndikuonetsani pouika.

Masekondi awiri atatuwa amalemera chonchi chifukwa cha mmene mapulogalamuwa amagawira mavidiyo. Mu Juni 2020 a TikTok anafotokoza okha mmene tsamba la For You limasankhira zoonetsa anthu. Ananena kuti munthu akaonera vidiyo yotalikirapo kuyambira poyamba mpaka kumapeto, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu choti yamusangalatsa, ndipo chimawerengedwa kwambiri kuposa zizindikiro zing'onozing'ono monga zoti woonera ndi wojambula ali m'dziko limodzi. Ananenanso kuti kuchuluka kwa anthu okutsatirani sikuwerengedwa mwachindunji. Wochoka pa 0:02 sangafike kumapeto, ndipo oterewa akachuluka, pulogalamu imaona kuti vidiyoyi siikugwira anthu n'kuchepetsa kuipereka kwa ena.

Tiyerekeze ndi masamu osavuta, manambala ongopeka kuti muone mmene zimayendera. Anthu 100 aonetsedwa vidiyo yanu. Anthu 70 achoka pa masekondi awiri, 30 otsalawo aonera masekondi 20 aliyense. Mukaphatikiza, ndi masekondi 140 ndi 600, onse pamodzi 740, kutanthauza masekondi 7.4 pa munthu. Tsopano musinthe chiyambi chokha, zina zonse zikhale momwemo, ochoka msanga atsike kufika pa 50. Apa ndi masekondi 100 ndi 1,000, kutanthauza masekondi 11 pa munthu. Simunaphike keke ina, simunagule foni ina, koma nthawi yoonera yakwera pafupifupi ndi theka.

Tsopano tiyeni tiikonze vidiyo yanuyo. Chiyambi chabwino chili ndi zinthu zitatu zochitika nthawi imodzi: chimene maso akuona, mawu olembedwa pa sikirini, ndi chimene pakamwa panu pakunena. Zitatuzi ziyenera kuloza nkhani imodzi. Chachikulu mwa izo ndi chithunzi, chifukwa maso amafika mawu asanamveke.

Ine ndikanayamba ndi keke yopserera. Ngati mulibe vidiyo yake, phikani kakeke kakang'ono pamakala ambiri mwadala, zimenezo n'zotchipa poyerekeza ndi phindu lake. Foni ikhale choimika, pafupi kwambiri, moti keke idzaze theka la sikirini. Vidiyo iyambe manja anu ali kale pakati pa kuitembenuza, pansi pakuda bii pakutulukira. Musayambe keke ili phee patebulo inu mukuyandikira, chifukwa chinthu choyenda ndi chimene chimaimitsa chala. Mayi aliyense amene anatayapo mazira ndi shuga pa mbaula akaona kudako azindikira nthawi yomweyo kuti nkhaniyi ndi yake, ngakhale foni yake ili chete.

Pamodzi ndi chithunzicho, mawu anu ayambe pomwepo: "Keke yanu ikupserera pansi? Vuto si fulawa." Ndi mawu 7 okha, ndipo mukalankhula bwinobwino osathamanga akwana m'masekondi atatu. Mawu a Chichewa ndi aataliatali, ndiye malangizo amene mungamve kwa anthu ojambula m'Chingerezi onena za kuchuluka kwa mawu musawatengere ndendende. Lembani chiganizo chanu, muchinene mokweza mukuyang'ana wotchi, ndipo chikaposa masekondi atatu muchidule. Zoyamba kuchotsa ndi monga "lero ndikufuna ndikuonetseni", "monga mukudziwa", "m'vidiyo ino tikambirana". Zonsezi zimangolengeza kuti nkhani ikubwera, pamene woonera akufuna nkhaniyo.

Taonani ntchito imene chiganizocho chikugwira. Gawo loyamba likutchula vuto limene munthu ali nalo. Gawo lachiwiri likumuchotsera yankho limene ankaganiza, osamupatsa lina, ndiye kuti adziwe ayenera kudikira. Mukananena kuti "Keke imapserera chifukwa cha makala ochuluka pansi", ndi zoona ndithu, koma mwamupatsa zonse, alibenso chodikirira. Mukananenanso kuti "Simukhulupirira zimene ndapeza!", mwabisa zonse, sakudziwa ngati ndi za keke kapena za ndale. Pakati pa ziwirizi ndi pamene mufunika kuima: nkhani idziwike, yankho lichedweko pang'ono.

Cha pa sekondi yachiwiri kulowa yachitatu, chithunzi chisinthe. Apa ndi pamene mubweretse kachigawo kaja ka kumapeto, keke yabwino ikutembenuzidwa, pansi pake pofiirira bwino. Woonera waona vuto, waonanso kuti inu muli ndi yankho, ndipo zonsezi zachitika chala chake chisanasunthe.

Pa sekondi yachinayi m'pamene ambiri amagwa ngakhale ayambe bwino. Amakopa munthu, kenako n'kubwerera ku moni wautali ndi kuonetsa fulawa, mazira, majarini. Inu lowani m'yankho nthawi yomweyo. Za kaphikidwe mukudziwa ndinu, koma tinene kuti chinsinsi chanu ndi kuchepetsa makala apansi, kuika mchenga m'poto wamkulu chitini chisanalowe, ndi kuika makala ena pachivundikiro. Ndiye pa 0:04 kamera ikhale pa mbaula, inu mukupala makala n'kunena kuti "Ndi makala awa, achuluka." Kenako mchenga. Cha pa 0:08 kapena 0:10, manja akugwirabe ntchito, ponyani moni wanu mwachidule: "Moni amayi anzanga, ndine wa makeke ku Zomba kuno." Wafika apa wayamba kale kukukhulupirirani, dzina lanu alisunga. Fulawa, mazira ndi majarini zichotseni zonse, chifukwa vidiyo iyi ndi ya moto, zosakaniza zidzakhala ndi vidiyo yawoyawo. Mukatero masekondi 42 aja atsika mwina kufika pa 25 kapena 30, ndipo anthu ofika kumapeto achuluka.

Mawu olembedwa pa sikirini ndi a anthu amene akuonera m'minibasi, kuntchito kapena usiku ana atagona, mawu atatsitsa. Pa Facebook makamaka, vidiyo nthawi zambiri imayamba yopanda mawu munthu akamangodutsa patsamba lake. Lembani zochepa, monga "Keke yopserera pa mbaula?", zilembo zikuluzikulu zoyera zokhala ndi mzere wakuda m'mphepete kapena pa kabokosi kakuda. Zioneke kuyambira pachithunzi choyambirira, musaziike zoti zizibwera chilembo chimodzichimodzi kapena zovinavina, chifukwa pomaliza kubwera munthu wapita. Ziikeni chapakati kukwera m'mwamba pang'ono. Kumunsi kwa sikirini kumaphimbika ndi dzina la akaunti ndi mawu ofotokoza vidiyo, kumanja kuli timabatani ta mtima, ndemanga ndi kugawira ena, ndipo pamwamba penipeni palinso zolemba za pulogalamu. Netiweki ikafooka chithunzi chimatsika, tizilembo ting'onoting'ono timasanduka utsi, choncho kukula kwa zilembo musakuchepetse. Lembani nokha ndi `Text`, musadalire chida chimene chimamvera mawu n'kulemba chokha, Chichewa sichichigwira bwino.

Pali kanthu kena kamene kamawononga mavidiyo ambiri eni ake osadziwa. Munthu ukadina batani lojambulira, umabweza dzanja, kukhazikika, kupuma, kenako n'kuyamba kulankhula. Zimenezi zimadya theka la sekondi, nthawi zina sekondi yathunthu. Foni yojambula zithunzi 30 pa sekondi imakhala ndi zithunzi 90 m'masekondi atatu, ndiye sekondi imodzi yachete yataya 30 mwa izo pachabe. Mu CapCut, pulogalamu ya pafoni yodulira mavidiyo, tambasulani mzere wa vidiyo ndi zala ziwiri kuti utalike, yendetsani pang'onopang'ono mpaka pamene liwu loyamba likutuluka, bwererani m'mbuyo kachidutswa kakang'ono kuti lisadukire, dinani `Split`, sankhani kachigawo kachete kakumayambiriroko n'kudina `Delete`. Njira yomweyi ndi imene mudulire kachigawo ka keke yabwino. Mukakadula, kagwireni ndi chala n'kukakokera kumayambiriro, kabwere pambuyo pa keke yopserera. Musaike chizindikiro cha bizinesi yanu poyambira, musaikenso zoti chithunzi chizituluka pang'onopang'ono kuchokera mumdima. Potulutsa vidiyo, ikhale ya `9:16`, pa `1080p`.

Kuwala nakonso. Khitchini zathu zambiri ndi zamdima ndi utsi, ndipo chithunzi choyamba chikakhala chakuda, pansi pakuda pa keke sipaoneka. Jambulirani pakhonde pamthunzi masana, kuwala kuzichokera kumbuyo kwa foni, ndipo pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu, chifukwa manja ophika amasiyapo mafuta. Chithunzi cha pachikuto chimene mumasankha poika vidiyo, chija chotchedwa `Cover`, chisakunamizeni. Chimaoneka kwa wobwera patsamba lanu kapena wofufuza, koma woonera pa For You sachiona, iye amaona chithunzi choyambirira cha vidiyo yeniyeniyo.

Mukaika vidiyo yokonzedwayo, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, kenako tsegulani pamene munaona 0:02 paja. Pa TikTok pali `Average watch time`, nthawi yoonera pa munthu mmodzi, `Watched full video`, gawo la ofika kumapeto, ndi kamzere kotsetsereka ka `Retention rate` koonetsa anthu otsala pa sekondi iliyonse. Kamzereka ndi kamene kangakuphunzitseni kuposa munthu aliyense. Dziwani kuti vidiyo iliyonse, ngakhale yabwino chotani, imataya anthu poyambirira, chifukwa ena za keke siziwakhudza basi. Ndiye musayembekeze mzere wowongoka. Choyang'ana ndi pamene wagwera kwambiri.

Ukagwa ngati phompho pa sekondi yoyamba kapena yachiwiri, vuto lili pa chithunzi choyamba: chamdima, chili patali, sichikuyenda, kapena sichikuonetsa kuti nkhani ndi yotani. Mawu anu pamenepo sanafike n'komwe, ndiye kusintha chiganizo sikuthandiza. Ukadutsa bwino masekondi atatu n'kudzagwa pa 0:04 mpaka 0:07, chiyambi chagwira ntchito koma chotsatira chachedwa kupereka chimene munalonjeza. Onerani vidiyoyo pa masekondi amenewo, mupeza kuti ndi pamene munayamba kufotokoza zam'mbali. Ukamatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto, palibe chachilendo, ntchito yotsala ndi kufupikitsa. Ndipo mukaona kuti wagwa pamene mwapereka moni, ufupikitseni kapena muusunthire chakumapeto.

Mapulogalamu ena ali ndi muyezo womwewu m'mayina awo. Facebook imawerenga anthu amene aonera masekondi atatu, ndipo mukagawa nambala imeneyo ndi nambala ya maulendo amene vidiyo inaonetsedwa mumapeza gawo la anthu amene chiyambi chawagwira. Otsatsa malonda amagwiritsa ntchito kwambiri kawerengedwe kameneka. Instagram ili ndi `Skip rate`, gawo la odutsa m'masekondi atatu oyamba. YouTube Shorts imaonetsa oima kuonera poyerekeza ndi okankha n'kupita. Pa YouTube pomwepo chenjerani ndi nambala ya oonera: kuyambira pa 31 Malichi 2025 vidiyo ya Shorts ikangoyamba kuyenda imawerengedwa kuti yaoneredwa, choncho nambalayo ikhoza kukula anthu asakuima. Yofunika pamenepo ndi `Engaged views`, yowerenga amene anapitiriza kuonera.

Musafananize manambala anu ndi a anthu oseketsa kapena ovina, anthu awo ndi ena. Fananizani vidiyo yanu ndi inzake yanu. Njira yabwino ndi kupanga mavidiyo awiri a thupi limodzi koma ziyambi zosiyana. Ina iyambe ndi keke yopserera ndi funso lija. Inayo iyambe ndi mpeni ukulowa m'keke yabwino, nthunzi ikutuluka, inu mukuti "Keke iyi sinalowe mu uvuni." Ikani imodzi, padutse masiku angapo, muike inayo pa nthawi yofanana ya tsiku. Sinthani chiyambi chokha, chifukwa mukasinthanso nyimbo ndi kutalika simudziwa chimene chathandiza. Vidiyo yoonedwa ndi anthu 200 kapena 300 manambala ake amagwedezeka ndi mwayi chabe, ndiye kusiyana kwakung'ono musakutengere pamtima. Mukayesa chonchi pa nkhani zingapo n'kuona mtundu umodzi ukupambana mobwerezabwereza, pamenepo mwapeza chimene anthu anu amaimira.

Ziyambi ziwirizi zikukoka anthu osiyana, ndipo apa ndikufuna muganizepo bwino chifukwa mwatchula zolinga ziwiri. Keke yopserera ikuitana amayi ofuna kuphika okha. Amenewa adzakutsatirani, adzasunga vidiyo, adzafunsa mafunso, koma ambiri sadzaoda keke. Wofuna keke ya tsiku lobadwa la mwana wake, za mchenga ndi makala alibe nazo ntchito. Vidiyo yofuna maoda iyambe ndi keke yokongoletsedwa ikutsegulidwa m'bokosi, pa sikirini palembedwe "Makeke a zikondwerero, Zomba", ndipo mawu anu atchule msanga chimene wogula amafuna kudziwa, monga kukula kwake ndi masiku ooderatu. Kutchula Zomba poyamba kudzathamangitsa wa ku Mzuzu ndi wa ku Joni, mzere uja udzagwa msanga kuposa wa vidiyo yophunzitsa, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Vidiyo yotere muiyeze ndi mauthenga amene akubwera ofunsa mtengo. Musasakanize zolinga ziwirizi m'chiyambi chimodzi, masekondi atatu sangasenze zonse.

Chimene ndikukupemphani mupewe ndi chiyambi chonama. Mudzaona ena akuyamba ndi "Musadyenso keke musanaone izi!" kapena kunamizira kugwetsa poto. Anthu amaimadi, koma akaona kuti apusitsidwa amachoka pa 0:05, ndipo tsiku lina akaona nkhope yomweyo amadutsa osadikira n'komwe. Kwa inu n'zoopsa koposa, chifukwa oonera ena ndi anthu a m'tauni mwanu momwemo amene mukufuna adzakutumizireni ndalama ya keke asanaione. Chimene mwalonjeza pa 0:01 chikhale chimene chili m'vidiyomo. Ngati mwati vuto si fulawa, vuto lenilenilo litchulidwe msanga ndipo likhale loona. Samalaninso kuti musamayambe mavidiyo onse ndi funso la mtundu umodzi. Okutsatirani akazolowera, makutu awo amatseka. Nkhani za keke zili ndi ziyambi zambiri zoona: keke yolowa pakati, keke yomatirira m'chitini, kirimu yosungunuka panjira yopita kuukwati. Chilichonse mwa izi chili ndi chithunzi chake choyambira.

Pa WhatsApp ndi posiyana. Oona `Status` yanu ali ndi nambala yanu, akukudziwani, ndipo adina dzina lanu mwakufuna kwawo. Pamenepo moni wanu wachizolowezi ukhoza kukhala poyamba, ena angadabwe mukausiya. Choncho sungani mavidiyo awiri: ya moni poyamba ipite kwa achibale, a kutchalitchi ndi makasitomala akale, yodulidwa ija ipite pa TikTok ndi pa Facebook Reels kumene alendo ali. Musanaiike, perekani foni kwa munthu amene sanaionepo, mawu mutatsitsiratu, muiimitse pa 0:03 n'kumufunsa kuti vidiyoyi ndi ya chiyani. Akayankha kuti ndi ya keke yopserera pa mbaula, ikani. Akati ndi ya mayi wina ali m'khitchini, bwererani mu CapCut mukayandikitse keke ija ndi kukulitsa zilembo.